Kusiyana kwa K600,800 pa akaunti ya khadi kumapeto kwa Meyi

Kampani yake ndi yaing'ono, ili ku Lilongwe, ndipo imagulitsa ndi kuika mapampu oyendera mphamvu ya dzuwa m'minda ya ulimi wothirira. Amisiri ake amakhala pamsewu masiku ambiri, choncho kampani inatsegula akaunti yapadera yokhala ndi khadi limodzi la banki logulira mafuta a galimoto, mapaipi, zolumikizira ndi kulipirira malo ogona. Ndalama zimathiridwa mu akaunti imeneyi kuchokera ku akaunti yaikulu. Kalaliki wa zachuma amalemba chogula chilichonse mu kashibuku potsata tsiku lomwe lili pa risiti, ndipo akauntanti wakunja amabwera kumayambiriro kwa mwezi kudzaona mabuku ndi kusainira.

Mwezi wa Meyi wa nkhani ino unatha Loweruka, ndipo unali ndi maholide awiri apakati pa sabata: pa 1 Meyi, tsiku la anthu apantchito, ndi pa 14 Meyi, tsiku la Kamuzu.

Lolemba pa 2 Juni patebulo panali ziwerengero zitatu za akaunti imodzi. Kashibuku inkati patsala K1,369,700. Sitetimenti ya banki yotsekera pa 31 Meyi inkati K1,970,500. Mwini kampani anali atayang'ana pafoni Lamlungu madzulo n'kuona K1,522,000, ndipo anajambula chithunzi n'kutumizira kalaliki ndi funso lakuti ndalama yeniyeni ndi iti. Pakati pa kashibuku ndi sitetimenti panali K600,800.

Chifukwa chake masiku amasiyana

Khadi likaswaipidwa pa makina a POS, ndalama sichoka mu akaunti nthawi yomweyo. Chimene chimachitika choyamba ndi chilolezo: makina amafunsa banki ya mwini khadi ngati ndalamayo ilipo, banki n'kuvomera, n'kuitsekera pambali kuti isagwiritsidwenso ntchito. Kapepala kotuluka pa makinawo kamakhala ndi tsiku, ola, manambala anayi omalizira a khadi ndi nambala ya chilolezo. Limeneli ndi tsiku logula.

Kuchotsa kwenikweni kumabwera pambuyo. Wogulitsa amatseka malonda a tsikulo pa makina ake, banki yake imatumiza mndandanda wa zimene zagulidwa, ndipo banki ya mwini khadi ikaulandira ndi pamene imalemba mzere pa sitetimenti. Limeneli ndi tsiku lolemba banki. Wogulitsa akachedwa kutseka makina, pakagwa Loweruka ndi Lamlungu kapena holide, kapena makinawo akakhala a banki ina, masiku awiriwa amatalikirana. Pa sitetimenti zambiri masikuwa amalembedwa kuti `Transaction date` ndi `Posting date`, ndipo zina zimaonetsa lachiwiri lokha n'kubisa loyamba mkati mwa mawu ofotokoza mzerewo. Ya kampaniyi inali ya mtundu wachiwiriwu.

Apa ndiye pamachokeranso chiwerengero cha pafoni. Sitetimenti imatseka ndi `Ledger balance`, kutanthauza zokhazo zimene banki yalemba kale. Foni kawirikawiri imaonetsa `Available balance`, yomwe yachotseratu ndalama zotsekeredwa pambali ngakhale sizinalembedwe. Ziwerengero ziwirizi zikasiyana, sikuti china n'cholakwa.

Mu Meyi umenewu, mwa zogula 36 zimene ndalama yake inafanana ndendende mbali zonse ziwiri, 9 zokha ndi zimene zinalembedwa tsiku lomwe zinagulidwa. Zambiri zinkatuluka patapita tsiku limodzi kapena awiri a ntchito. Zogula za Lachiwiri pa 13 Meyi zinaoneka Lachinayi pa 15.

Ulendo woyamba wa kalaliki

Kalaliki anayamba bwino. Anachonga mzere ndi mzere, ndipo anapeza zogula zinayi zimene zinali mu kashibuku koma osaoneka pa sitetimenti: mafuta a K140,000 a Lachisanu pa 30 Meyi, mapaipi a K212,500 a pa 31 Meyi, malo ogona ku Salima a K96,000 olipiridwa pa 31 Meyi, ndi zolumikizira za K54,000 zogulidwa ku Dedza. Zonse pamodzi K502,500. Anazichotsa pa chiwerengero cha banki n'kutsala K1,468,000. Anaonanso machaji awiri a banki, K12,200 ndi K6,500, amene sanali mu kashibuku, n'kuwalowetsa, ndipo kashibuku inatsika kufika pa K1,351,000.

Panatsala K117,000 yosadziwika kochokera.

Anafufuza mzere wa K117,000 pa sitetimenti ndi m'marisiti, osaupeza. Kenako anakumbukira lamulo limene aliyense wa ntchito ino amaphunzitsidwa, lakuti kusiyana kukagawika ndi 9 mwina manambala anatembenuzidwa polemba. K117,000 imagawika bwinobwino ndi 9, imapereka 13,000. Theka la tsiku linathera pofunafuna manambala otembenuzidwa omwe kunalibe. Lamulo limeneli ndi lothandiza, koma limangonena kuti mwina, ndipo nambala imodzi mwa zisanu ndi zinayi zilizonse imagawika ndi 9 popanda chifukwa chilichonse.

Atatopa, anabwera ndi ganizo limene limafala kwambiri m'maofesi ang'onoang'ono. Anauza akauntanti kuti: “Bwana, bwanji tingosintha masiku mu kashibuku kuti afanane ndi a banki? Zimene sizinatulukezi tizikankhire ku Juni, mwezi uno utseke.”

Akauntanti anakana, ndipo zifukwa zake ndi zofunika kuzifotokoza chifukwa ganizoli limaoneka ngati lopanda vuto. Choyamba, silikanachotsa K117,000 ija, popeza zogula zinayizo zinali zitawerengedwa kale. Chachiwiri, mapaipi ndi mafuta zinagwiritsidwa ntchito pa pampu imene inaikidwa ndi kulembedwera invoisi mu Meyi. Kuzisamutsira ku Juni kukanakweza phindu la Meyi ndi kutsitsa la Juni, ndipo mtengo weniweni wa ntchito ya ku Salima ukanasokonekera. Chachitatu, risiti ya mapaipi inali ya msonkho wa VAT yolembedwa 31 Meyi, ndipo mafomu a VAT a Meyi amayenera kufika ku MRA pofika pa 25 Juni. Tsiku limene limawerengedwa kumeneko ndi la pa risiti, banki ilembe liti kapena liti. Pomaliza, kashibuku yotsata masiku a banki imaonetsa ndalama imene yadyedwa kale ngati kuti ikadalipo, ndipo mwini kampani akanatha kutuma amisiri kukagula zina podalira ndalama yomwe inali itatsekeredwa kale.

Palinso china chimene akauntanti ambiri amachidziwa ngakhale sachinena kawirikawiri: kashibuku ikamangokopera sitetimenti, ndiye kuti palibenso chimene mukuyerekeza. Mabuku awiriwo amagwirizana nthawi zonse, ngakhale khadi litabedwa.

Kuyambira ku Epulo

Akauntanti sanayambire pa mizere ya Meyi. Anapempha pepala la Epulo loyanjanitsira kashibuku ndi sitetimenti. Kashibuku inatsegula Meyi ndi K1,240,000, sitetimenti ndi K1,425,000, kusiyana K185,000. Pepala la Epulo linafotokoza kusiyanaku ndi zogula ziwiri zimene zinali zisanatuluke: zipangizo za K65,000 za pa 29 Epulo ndi mafuta a K120,000 a pa 30 Epulo. Zonse ziwiri zinayenera kuoneka kumayambiriro kwa sitetimenti ya Meyi, ndipo zinaonekadi Lachisanu pa 2 Meyi, holide ya pa 1 itadutsa.

Mzere wa K65,000 unali utachongedwa pa pepala la Epulo. Wa K120,000 unalibe chongi. M'malo mwake, mu kashibuku ya Meyi munali mzere wa pa 2 Meyi wa mafuta a K120,000, koma m'faelo ya marisiti a Meyi munalibe risiti yake.

Zinachitika motere. Pa risiti ya pa 30 Epulo panali dzina la malo omwetsera mafuta monga lalembedwera pachikwangwani. Pa sitetimenti panatuluka dzina la kampani ya mwini malowo, limene makina a POS analembetsedwera ku banki. Kalaliki, poona dzina lachilendo pa 2 Meyi, anaganiza kuti mmisiri wagula mafuta n'kuiwala kubweretsa risiti, ndipo anaulowetsa kuti mabuku asatsalire. Mafuta omwewo analembedwa kawiri, kamodzi mu Epulo potsata risiti, kachiwiri mu Meyi potsata banki. Umboni unali pomwepo mu mawu ofotokoza mzerewo: panali `30/04` ndi nambala ya chilolezo yofanana ndi ya pa kapepala ka POS kamene kanali m'faelo ya Epulo.

Vuto limeneli limabisala chifukwa mzere wobwerezedwawo umachongeka bwinobwino. Uli mu kashibuku, uli pa sitetimenti, tsiku ndi lomwelo, ndalama ndi yomweyo. Wochonga mizere ya mwezi umodzi wokha sangaukayikire. Umagwidwa pokhapokha mndandanda wa mwezi wapita ukachongedwa choyamba, mizere ya mwezi watsopano isanakhudzidwe. Mzerewo unafafanizidwa ndi mzere wina wobweza, osati kufufutidwa, kuti wobwera pambuyo adzaone chimene chinachitika.

Kubweza K120,000 kunatembenuza kusiyana: tsopano kashibuku inaposa ndi K3,000. Apa zinadziwika kuti K117,000 ija sinali chinthu chimodzi, koma ziwiri zokokerana mbali zosiyana. N'chifukwa chake kufunafuna mzere wa ndalama imeneyo sikukanaphula kanthu.

K3,000 inapezeka msanga. Pa 21 Meyi kampani inagula kachipangizo ka pampu pa intaneti kuchokera ku South Africa pa mtengo wa marandi 1,500. Kalaliki analemba K145,500, powerengera K97 pa randi imodzi monga anaonera tsiku logula. Banki inalemba pa 23 Meyi K148,500, kutanthauza K99 pa randi. Pa zogula za ndalama zakunja, tsiku lolemba limasintha ndalama yeniyeniyo, chifukwa mtengo wosinthira umene umagwiritsidwa ntchito kawirikawiri ndi wa tsiku limene malondawo akonzedwa, komanso banki imaonjezapo kake. Pochonga, diso linalumpha chifukwa 145,500 ndi 148,500 amafanana. Kusiyana kotereku sikudzadzikonza mwezi wamawa, choncho sikupita pa mndandanda wa zodikira. Kumalowa mu kashibuku mwezi womwewo. Pano K3,000 inalembedwa ngati kutaya kwa pa kusintha ndalama, ndipo tsiku logula linasiyidwa pa 21 Meyi.

Zitatero mbali zonse zinakumana pa K1,468,000.

Pepala linagwirizana, koma linali lisanalondole

Pamenepa m'maofesi ambiri akanasaina n'kutseka faelo. Chimene chinaimitsa akauntanti chinali chithunzi cha pafoni chija. Ngati zogula zinayi zinali zitatsekeredwa pambali zonse, foni inayenera kuonetsa K1,468,000. Inaonetsa K1,522,000. Kuchotsa K1,522,000 pa K1,970,500 kumapereka K448,500, yomwe ndi mafuta, mapaipi ndi malo ogona basi. Kusiyana kwake ndi K54,000, ndalama ya zolumikizira za ku Dedza.

Atayang'ananso mndandanda, tsiku la chogula chimenechi linali 16 Meyi. Kalaliki pa mndandanda wake analemba ndalama ndi dzina la sitolo, osalemba masiku, ndiye chinakhala pakati pa anzake a kumapeto kwa mwezi ngati mmodzi wa iwo. Kuchokera Lachisanu pa 16 Meyi kufika kumapeto kwa mwezi panadutsa masiku 10 a ntchito, pa akaunti imene palibe chogula china chinadikirapo kupitirira masiku awiri a ntchito.

Chithunzi cha pafoni pachokha sichinali umboni wokwanira. Ndalama yotsekeredwa pambali imamasulidwa pakapita masiku ngati wogulitsa sanatumize malonda ake, ndipo wogulitsayo akhoza kuwatumiza mochedwa ndalama n'kuchotsedwabe. Choncho panali zotheka ziwiri: khadi linaswaipidwa koma sitolo inachedwa kwambiri, kapena silinaswaipidwe n'komwe. Choyamba chikanakhala choona, K54,000 ikanayenera kukhalabe pa mndandanda. Njira yosiyanitsira inali kapepala ka POS. Marisiti ena onse anali ndi kapepala kake komata kumbuyo. Iyi inalibe.

Mmisiri atafunsidwa anakumbukira tsikulo. Netiweki inali itavuta, makina a m'sitolo anakana kawiri, ndipo iye analipira kashi kuchokera pa adivansi ya ulendo imene anapatsidwa m'manja. Risiti anaiponya mu envulopu ya marisiti a khadi chifukwa zinthu za mtundu umenewo nthawi zonse amagula pa khadi. Ku banki anatsimikiza kuti panalibe chilolezo chilichonse chimene chinaperekedwa pa khadilo pa 16 Meyi cha ndalama imeneyo.

Nkhaniyi inali ndi mbali ina imene palibe anali ataiganizira. Pobweza malipoti a adivansi yake ya Meyi, mmisiriyu anali atapezeka kuti waperewera K54,000, ndipo ndalamayo inali italembedwa kale kuti idulidwe pa malipiro ake a Juni. Iye anali atavomera, poganiza kuti anataya risiti. Kukonza kwake kunali kosavuta: K54,000 inabwezedwa ku akaunti ya khadi n'kuchotsedwa pa ngongole ya adivansi ya mmisiri. Mtengo wa zolumikizira unakhalabe mu Meyi pa tsiku lake, chifukwa katunduyo anagulidwadi. Chinalakwika ndi thumba limene analembedwa kuti ndalama inachokera.

Chikanasiyidwa, chogula chimenechi chikanadutsa mwezi ndi mwezi pa mndandanda wa zodikira, pepala likugwirizana nthawi zonse. Ndi mmene mizere yakufa imakhalira miyezi isanu ndi umodzi pa mapepala osainidwa bwinobwino, mpaka owerengera akunja atabwera kumapeto kwa chaka.

Pepala lomaliza linakhala motere. Mbali ya kashibuku: K1,369,700, kuonjeza K120,000 ya mafuta obwerezedwa, kuonjeza K54,000 ya zolumikizira, kuchotsa K3,000 ya randi, kuchotsa K18,700 ya machaji, kutsala K1,522,000. Mbali ya banki: K1,970,500, kuchotsa zogula zitatu zodikira za K448,500, kutsala K1,522,000. Mwa K600,800 ija, K448,500 yokha ndi imene inali nkhani ya masiku. Zotsalazo zinali zolakwika ndi zosalembedwa zimene zinabisala kumbuyo kwa nkhani ya masiku.

Kuti foni ya mwini kampani inagwirizana ndi yankho lomaliza zinangochitika mwezi umenewu, chifukwa zotsekeredwa zitatuzo zinali zofanana ndendende ndi marisiti. Malo ena ogona ndi obwereketsa magalimoto amatsekera ndalama yoposa bilu, ndipo pa zogula zakunja ndalama yotsekeredwa imasiyana ndi yodzalembedwa. Chiwerengero cha pafoni n'chothandiza pofufuza, koma pepala loyanjanitsira limayambira pa chiwerengero chotsekera cha sitetimenti.

Zimene zinasinthidwa ndi zimene zinatsatira

Akauntanti sanasaine pa 2 Juni. Anadikira mpaka Lachitatu pa 4 Juni n'kupempha sitetimenti ya masiku oyambirira a Juni. Mafuta a K140,000 ndi mapaipi a K212,500 zinalembedwa pa 2 Juni, malo ogona a K96,000 pa 3 Juni, ndalama zake zosasintha. Pa pepala la Meyi, pambali pa chilichonse, analemba tsiku limene chatuluka. Pa mafuta panafunika chisamaliro, chifukwa amisiri amathira K140,000 pafupifupi ulendo uliwonse, ndipo mu Meyi ndalama imeneyi inaoneka kanayi. Pa 2 Juni pomwepo panali patathiridwanso mafuta ena a K140,000. Kuchonga ndi ndalama yokha kukanalumikiza mzere wa banki ndi risiti yolakwika, choncho anagwiritsa ntchito nambala ya chilolezo.

Kashibuku tsopano ili ndi madanga awiri a masiku, la tsiku la pa risiti ndi la tsiku limene banki yalemba, kuphatikizapo danga la nambala ya chilolezo. Danga lachiwirilo limakhala lopanda kanthu mpaka mzere utaoneka pa sitetimenti, motero mndandanda wa zodikira umadzipanga wokha: ndi mizere yonse imene dangalo lili mbee. Pa mzere uliwonse wotero, Excel imawerenga masiku a ntchito amene adutsa:

```
=NETWORKDAYS(B2,$H$1,$J$2:$J$3)-1
```

Mu `B2` muli tsiku logula, mu `H1` tsiku lotsekera mwezi, ndipo `J2:J3` ndi maholide a mweziwo. Chogula cha pa 30 Meyi chimapereka 0, cha Loweruka pa 31 chimapereka -1, zimene zimangotanthauza kuti palibe tsiku la ntchito limene ladutsa, ndipo cha pa 16 Meyi chimapereka 10. Kampani inaika malire pa masiku 5 a ntchito. Nambala imeneyi si lamulo la banki iliyonse. Inasankhidwa poona kuti pa akauntiyi zogula zimatuluka mkati mwa masiku awiri, n'kusiya mpata wa zakunja ndi masitolo ochedwa kutseka makina. Chogula chikapyola malirewo sichiloledwa kukhala pa mndandanda popanda kapepala ka POS ndi yankho la banki.

Kalaliki analetsedwanso kulowetsa chogula mu kashibuku kuchokera pa sitetimenti. Machaji a banki okha ndi amene amalowa motero. Mzere wachilendo umayamba wayerekezedwa ndi mndandanda wa mwezi wapita, kenako amisiri amafunsidwa, ndipo ukakhalabe wosadziwika umaikidwa pa akaunti yodikirira mpaka risiti itapezeka kapena banki itafotokoza. Maina amene masitolo amatulukira pa sitetimenti analembedwa pa tsamba lakelake pambali pa maina a pachikwangwani. Pofika kumapeto kwa Juni tsambalo linali ndi masitolo asanu ndi awiri.

Mmisiri sanadulidwe malipiro. Juni unatha Lolemba pa 30 ndi zogula ziwiri zodikira, zonse za tsiku lomwelo, ndipo zinatuluka pa 1 ndi pa 2 Julaye.